Mawu a pa fomu ya ekisireyi ya pachifuwa

Tiyerekeze bambo wa zaka 66 amene wakhala akutsokomola kwa milungu isanu. Dokotala wamupima, wamulembera kapepala, wamulozera kuchipinda chojambulira. Pakapepalapo pali dzina, tsiku ndi zilembo zochepa chabe: `CXR ?PTB`. Tanthauzo lake nlakuti ajambulidwe pachifuwa, mwina ndi chifuwa chachikulu. Mafomu ambiri amayenda chonchi, ndipo sindikuimba mlandu dokotala amene panja pali mzere wa anthu ofika pamtengo wamango. Komabe kapepala kotere kamachotsa mphamvu chithunzi chisanajambulidwe nkomwe.

Chifukwa chake chili m'chithunzicho. Ekisireyi imaonetsa mithunzi yokha. Mpweya umaoneka wakuda, fupa loyera, ndipo madzi, mafinya, magazi ndi chotupa zonse zimaoneka zotuwira mofanana. Banga loyera kumtunda kwa phapo likhoza kukhala chibayo, chifuwa chachikulu chatsopano, chipsera cha chifuwa chimene chinachira kalekale, kapena khansa. Wowerenga chithunzi nthawi zambiri samuona wodwalayo. Sanamve kutsokomola kwake, sanamufunse kanthu. Zonse zimene akudziwa za munthuyo ndi zimene zili pafomu.

Bambo uja akanafunsidwa mofatsa, nkhani yake ikanatuluka yotalikirapo. Ali mnyamata anapita ku Joni pa Theba, nakumba golide pansi pa nthaka kwa zaka zisanu ndi zinayi. Mu 2015 anamwa mankhwala a chifuwa chachikulu kwa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo chithunzi cha 2016 akadali nacho m'chikwama. Amasuta fodya. Fomu imalembedwa m'Chingerezi, koma zimene ikanayenera kunena ndi izi:

Bambo wa zaka 66, kutsokomola milungu isanu, thukuta usiku, sikelo yatsika kuchoka pa makilogalamu 58 kufika pa 53, makhololo a magazi kawiri. Anachira chifuwa chachikulu mu 2015. Zaka zisanu ndi zinayi m'mgodi wa golide, amasuta. Alibe kachilombo ka edzi, anayezetsa mwezi watha. Makhololo pa GeneXpert sanaonetse kanthu. Mpweya ukumveka mochepa kumtunda kwa phapo lakumanja. Funso: poyerekeza ndi chithunzi cha 2016, kodi kumtunda kumanjako kwabwera mphako, mthunzi watsopano kapena chotupa? Nanga pali timadontho ta fumbi la m'migodi?

Kulemba zimenezi sikutha mphindi ziwiri, koma chiganizo chilichonse chikusintha mmene maso a wowerenga ayendere pachithunzi.

Za 2015 zikumuchenjeza kuti zipsera azipeza ndithu. Phapo limene linadwalapo chifuwa chachikulu kawirikawiri limatsala ndi mizere yoyera ndi mbali zokokeka, ndipo zimakhala choncho moyo wonse. Wosadziwa mbiriyi akhoza kuona zipserazo nkulemba kuti matenda alipo, bamboyo nkuyambiranso mapiritsi a miyezi isanu ndi umodzi pamene chikumudya ndi china. Chithunzi chakale ndicho chimaweruza mlandu. Ngati mthunzi uli chimodzimodzi monga unalili mu 2016, ndi chipsera. Ngati wakula, kapena pabooka mphako pamene panalibe, ndiye kuti pali chimene chikuchitika tsopano.

Za mgodi ndizo zimaiwalika kwambiri, ndipo zimandipweteka mtima chifukwa madoda ambiri m'midzi mwathu anapuma fumbi limenelo. Fumbi la mwala wa m'migodi ya golide limakhazikika m'mapapo nkuyambitsa matenda a silikosisi, amene angaonekere patapita zaka makumi awiri kapena atatu munthu atabwerera kwawo. Pachithunzi amaoneka ngati timadontho tating'onoting'ono, tochuluka chakumtunda kwa mapapo. Vuto nlakuti chifuwa chachikulu chikafalikira m'magazi chimaonekanso ngati timadontho, tonga mapira omwazika. Ziwirizi zimasokoneza ngakhale akatswiri, ndipo zingakhalenso pamodzi, pakuti mapapo ovulala ndi fumbi amagwidwa chifuwa chachikulu mosavuta. Mawu awiri okha, akuti anagwira m'mgodi, amapangitsa wowerenga kuganizira zonse ziwiri.

Za kachilombo nazonso zili ndi ntchito. Munthu amene chitetezo chake chatsika kwambiri akadwala chifuwa chachikulu, nthawi zambiri sakhala ndi mphako kumtunda kwa phapo monga timayembekezera. Matendawa amatha kuonekera kumunsi, kapena ngati anabere otupa pakati pa chifuwa, kapena chithunzi nkutuluka choyera bwino pamene munthuyo akudwala. Choncho mawu akuti "mapapo ali bwino" salemera mofanana kwa anthu onse. Kwa amene ali ndi kachilombo, fomu inene ngati akumwa mankhwala, ndiponso nambala ya CD4 ngati ikudziwika.

Fodya, zaka ndi magazi m'makhololo zikukumbutsa za khansa. Mbali imene yatchulidwa, kumtunda kumanja, ikuuza wowerenga kuti ayang'anitsitse kumbuyo kwa fupa la m'munsi mwa khosi ndi nthiti zoyambirira, malo amene chotupa chaching'ono chimabisala.

Funso limauzanso wojambula mmene amuimikire wodwala. Chithunzi chabwino chimajambulidwa munthu ataima, chifuwa atagunditsa kuchipangizo, cheza chikuchokera kumsana, atakoka mpweya nkuugwira. Chimenechi amachilemba kuti `PA`. Wodwala wosatha kuima amajambulidwa kuchokera kutsogolo, `AP`, ndipo pamenepo mtima umaoneka waukulu kuposa mmene ulili. Ngati funso ndi lakuti mtima wakula kapena ayi, muyeso wake ndi wakuti usapitirire theka la m'lifupi mwa chifuwa, ndipo muyesowu umadalirika pa `PA` pokha. Ngati dokotala akukayikira kuti thumbo labooka, ayenera kunena, kuti wodwala akhale tsonga kwa mphindi ngati khumi, mpweya wothawa m'matumbo ukwere ukaonekere pansi pa mapapo. Mayi woyembekezera nayenso atchulidwe, ngakhale cheza cha chithunzi chimodzi cha pachifuwa ndi chochepa kwambiri.

Funso labwino limadziwanso malire a chithunzi. Kufunsa kuti "kodi ndi chifuwa chachikulu?" ndi kufunsa chimene ekisireyi singayankhe payokha, pakuti chotsimikizira ndi kupeza tizilombo m'makhololo. Chimene ingayankhe ndi chakuti pali mphako kapena palibe, mthunzi wakula kapena ayi, m'mbali mwa phapo muli madzi kapena mulibe. Kwa bambo wathu uja, yankho likakhala lakuti pali mphako yatsopano, makhololo ayezedwenso. Likakhala lakuti pali chotupa chozungulira, atumizidwe msanga kuchipatala chachikulu kukaunikidwa ndi makina a CT. Likakhala lakuti palibe chasintha koma magazi akupitirira, nkhani sinathe, chifukwa khansa yaing'ono imatha kusaoneka pa ekisireyi. Dokotala akalephera kunena chimene adzachite yankho likabwera, ndiye kuti funso silinapse.

Inu owerenga simudzalemba fomuyi, koma zolembedwamo zimachokera m'kamwa mwanu. Popita kuchipatala ndi chifuwa chosatha, tengani kabuku kanu ka kuchipatala ndi zithunzi zakale zonse. Werengani milungu imene mwatsokomola musanalowe. Ngati munagwirapo ntchito m'mgodi kapena kuphwanya miyala, ngati mumasuta, ngati munamwapo mankhwala a chifuwa chachikulu, nenani ngakhale musanafunsidwe. Ndipo adokotala akakupatsani kapepalako, afunseni mwaulemu kuti chithunzichi chikukafuna chiyani.