Ng'ombe ikafa yokha, mpeni udikire

M'chaka cha 2011, mvuu zoposa 80 zinafa mumtsinje wa Luangwa, m'boma la Chama ku Zambia. Inali nyengo yachilimwe ndipo ndiwo zinali zosowa, choncho anthu anathamangirako ndi mipeni, nkhwangwa ndi madengu. Pasanapite nthawi, anthu oposa 500 anadwala ndipo asanu anamwalira. Chinapha mvuuzo ndi matenda a antharakisi, omwewo amene anapha mvuu zambiri mumtsinje wa Shire ku Liwonde kumapeto kwa 2018. Anabukanso ku Zambia m'chaka cha 2023, makamaka m'boma la Sinazongwe, ndipo pofika mwezi wa Novembala anthu 684 anali akuganiziridwa kuti agwidwa nawo.

Ofufuza a ku Chama anapeza kuti amene anasenda, kudula ndi kunyamula nyama ija anali pangozi yaikulu. Ambiri amaganiza kuti vuto lili pakudya pokha, koma kawirikawiri kachilomboka kamalowera m'manja, nyama isanafike n'komwe pamoto.

Kachilombo ka antharakisi kamakhala m'dothi. Kakakumana ndi mpweya kamadzikuta m'chigoba cholimba, ndipo kangathe kukhala choncho zaka makumimakumi osafa. Msipu ukafupika m'chilimwe, ng'ombe imadya udzu pamodzi ndi fumbi, n'kumeza tizilomboto. Ndiye chifukwa chake matendawa amakonda kubwerera m'madambo omwewo, makamaka pambuyo pa chilala kapena madzi osefukira.

Tiyerekeze mlimi amene wapeza ng'ombe yake itafa m'khola m'mamawa, chonsecho dzulo inkadya bwinobwino. Mimba yatupa msanga. M'mphuno, m'kamwa ndi kumbuyo mukutuluka magazi akuda osaundana, ndipo miyendo sinaume gwa ngati mmene nyama yakufa imachitira. Zizindikiro zimenezi zakwana kuti mpeni ubwezedwe m'thumba. Mtembo ukakhala wosatumbula, tizilombo tam'kati timafa tokha pamene nyama ikuwola, pamasiku ochepa. Akangoutumbula, mpweya umalowa, tizilombo timavala zigoba zija, ndipo magazi ogwera pansi amaipitsa malowo kwa mbadwo wonse. Amene anatumbulapo nyama yotere amapeza kapamba atatupa kwambiri, wakuda ndi wofewa, koma pofika poona kapamba, manja amakhala atanyowa kale ndi magazi.

Choyenera n'kutchinga mtembowo ndi minga kapena kuuphimba kuti agalu ndi miimba zisaukhadzule, kuchotsa ziweto zina pamalopo, n'kuitana mlangizi wa ziweto. Iyeyo amatenga kadontho ka magazi kukhutu kuti kakapimidwe, osang'amba mimba. Mtembo umatenthedwa pomwepo mpaka usanduke phulusa. Ngati nkhuni n'zosakwanira, umakwiriridwa m'dzenje lakuya mamita awiri, kutali ndi chitsime, pamodzi ndi dothi lonse lomwe lakhudzidwa ndi magazi. Chikopa nacho chipite, chifukwa kuyanika, kuthira mchere kapena kufutsa nyama sikupha tizilomboti. Ziweto zotsala zimabayidwa katemera, ndipo m'madera momwe matendawa amabwerabwera katemerayu ndi wa chaka ndi chaka.

N'zoona kuti kuuza munthu kuti atenthe ng'ombe yonenepa n'kumuuza kuti atenthe fizi ya ana ndi feteleza wa chaka chonse. Ndicho chifukwa nyama yotereyi imathera pamsika pamtengo wotsika, ndipo wogula ayenera kudabwa nyama ikatchipa modzidzimutsa popanda chidindo cha oyeza nyama.

Kwa munthu, odwala oposa 9 mwa 10 alionse amagwidwa pakhungu. Pakadutsa tsiku limodzi mpaka sabata, padzanja, pamkono kapena pakhosi pamene panatsamira nyama pamatuluka kachiphuphu koyabwa. Kamasanduka thuza, thuza limaphulika, pakati pake n'kuda bii ngati khala, m'mbali mutatupa. Chonyenga chake n'chakuti chilondachi sichipweteka, ndiye anthu amachedwa nacho kunyumba akupaka mankhwala azitsamba. Popanda chithandizo, munthu mmodzi mwa asanu angathe kufa, pamene ndi mankhwala monga penisilini kapena dokisisaikilini pafupifupi onse amachira. Wodya nyama yosapsa bwino amadwala moopsa kuposa apa: kusanza, kupweteka m'mimba ndi kutsekula magazi.

Matenda a buluselosisi alibe phokoso lotere. Sagwetsa ng'ombe, amangoipolozetsa, kawirikawiri bere likadutsa miyezi isanu, ndipo nsengwa imakanirira osatuluka. Apa mwini khola kapena mlangizi amapinda malaya n'kulowetsa dzanja lopanda kanthu kuti aichotse. M'madzi a bere, m'nsengwa ndi m'thole lopolozedwa ndi momwe tizilombo timachulukitsitsa, ndipo timalowa pakabala kakang'ono, m'maso kapena m'mphuno. Ng'ombe yambiri imapoloza kamodzi kokha, bere lotsatira n'kubereka bwino, mwini wake n'kumati yachira. Koma imakhalabe ikutulutsa tizilombo pobereka paliponse komanso mumkaka. Mbuzi ndi nkhosa zili ndi mtundu wake wa kachilomboka, womwe umadwalitsa anthu kwambiri.

Munthu amayamba kumva pakadutsa masabata awiri mpaka anayi, nthawi zina miyezi. Thupi limatentha madzulo n'kuzizira m'mawa, usiku thukuta kamukamu, msana ndi mfundo kuphwanya, ndipo amuna ena amatupa machende. Kwathu kuno zonsezi timazitcha malungo. Wodwala amamwa mankhwala a malungo, amapezako bwino masiku angapo chifukwa kutentha kwa matendawa kumabwera n'kupita pakokha, kenako amagwanso. Wogwira ntchito kubutchala, wokama mkaka kapena woweta amene malungo sakupezeka m'magazi koma akudwalabe ayenera kuuza dokotala ntchito imene amagwira, ndiponso ngati m'khola mwake mwapoloza chiweto. Mawu amenewo ndi amene amachititsa dokotala kuganiza zoyeza buluselosisi. Mankhwala ake ndi amitundu iwiri pamodzi, monga dokisisaikilini ndi rifampisini, kwa masabata asanu ndi limodzi. Wosiyira panjira matenda amamubwerera, ndipo angathe kukhazikika m'mafupa a msana kapena mumtima.

Kudziteteza kwake sikufuna ndalama zambiri. Pothandiza chiweto kubereka pamafunika magolovesi ofika m'phewa, ndipo akasowa, mapepala apulasitiki osabooka omangidwa bwino aposa dzanja lamaliseche. Nsengwa ndi thole lakufa zikwiriridwe mozama, asaponyere galu. Ng'ombe yopoloza ipatulidwe mpaka itasiya kuchucha ndipo iyezedwe magazi, chimodzimodzinso ng'ombe yogula kumene isanalowe m'khola. Mkaka uwiritsidwe, ngakhale wopangira chambiko, pakuti kusasa sikutsimikiza kuti tizilombo tafa.

Alangizi a ziweto ali ndi ngozi yawoyawo. Katemera wa S19, amene amabaya ana a ng'ombe aakazi asanakule, ali ndi tizilombo tamoyo tofooketsedwa. Thole likaphupha singano n'kumubaya mlangizi pachala, iyenso angathe kudwala, choncho atsuke balalo ndi sopo n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo. Katemera wa anthu wa buluselosisi kulibe.

Njira zomwezi ndi zimene matenda ena amadzera. Chifuwa chachikulu cha ng'ombe chimafika kwa anthu kudzera mumkaka wosawiritsa, ndipo oyeza nyama amachizindikira ndi timibulu tolimba totuwa m'mapapo. Ng'ombe yolumidwa ndi galu wachiwewe imachucha dovu ndi kulephera kumeza, ndipo eni ake amapisa dzanja kukhosi poganiza kuti yatsamwa ndi chitsononkho. Amene wachita zimenezi asambe m'manja ndi sopo kwa mphindi 15, kenako apite kukabayitsa katemera wa chiwewe asanayambe kumva chilichonse m'thupi, chifukwa zizindikiro zikangoyamba matendawa sachizika.