Sheya ya K10 ikagulidwa pa K25, K15 inayo imalembedwa pati?

Tiyerekeze kampani yogaya ufa imene yakhala ikuchita bwino ndipo ikufuna kugula chigayo china. Eni ake agwirizana zotulutsa masheya atsopano 100,000. M'zikalata zokhazikitsira kampaniyo munalembedwa kuti sheya iliyonse ndi ya K10, koma lero akuigulitsa pa K25. Palibe chinyengo apa. Amene akulowa tsopano apeza nyumba, makina ndi makasitomala zilipo kale, choncho sangalowe pa mtengo umene analowera anzawo amene anavutika poyamba paja.

Kubanki kwalowa K2,500,000. Wowerengera ndalama amalemba ndalama yonseyi kumbali ya debiti mu akaunti ya banki, popeza chuma cha kampani chawonjezeka. Kumbali ya kilediti n'kumene amaigawa pawiri. Mu akaunti ya mpamba wa masheya amalembamo K1,000,000 yokha, yomwe ndi masheya 100,000 kuchulukitsa ndi K10. K1,500,000 yotsalayo, yochokera pa K15 yapamwamba ija, imapita mu akaunti yakeyake imene amaitcha pulimiyamu ya masheya. Mukaphatikiza ziwirizi, zikwana K2,500,000 ija ndendende.

Ambiri amapunthwa pa ndalama yapamwambayi, chifukwa imawoneka ngati phindu. Komatu kampani sinagaye thumba ngakhale limodzi kuti iipeze. Ndi ndalama imene eni masheya aika okha. Ikalembedwa ngati phindu, mabuku amanama kuti malonda ayenda bwino, ndipo akuluakulu a kampani angathe kuigawa kwa eni masheya kumapeto kwa chaka. Zikatero, amene anakongoza kampaniyo ndalama podalira mpamba umene anauwona m'mabuku ndi amene amalira. Ine ndimawona kuti ichi ndicho chifukwa chachikulu chosiyanitsira maakaunti awiriwa.

Ku Britain, gawo 610 la lamulo la makampani la 2006 limalamula kuti ndalamayi ikhale payokha. Limalola kuchotsapo zolipira potulutsa masheya omwewo, kapena kuigwiritsa ntchito popatsa eni ake masheya a bonasi. Pa ndondomeko yotereyi, maloya ndi osindikiza zikalata akalandira K200,000, pulimiyamu imatsika kufika pa K1,300,000, pomwe mpamba wa masheya sukhudzidwa.

Kudziwa ngati zalembedwa bwino n'kosavuta pa kampani ya masheya a mtundu umodzi, olipiridwa onse. Tengani mpamba wa masheya, muugawe ndi chiwerengero cha masheya. Yankho likhale K10. Pa masheya atsopanowa mukapeza K25, dziwani kuti wina waunjika zonse malo amodzi.

Zolemba zonsezi zimachitika pokhapokha kampani ikatulutsa masheya atsopano. Munthu akadzagulitsa sheya yake kwa mnzake pa K60, ngakhale kutakhala ku msika wa masheya wa ku Blantyre, ndalamayo ndi ya wogulitsayo. Kampani imangosintha dzina m'kaundula wa eni masheya, ndipo maakaunti awiri aja amakhala momwe analili.