Kalata yoyamba yochenjeza weta wochedwa

Mawu akuti “mumachedwa nthawi zonse” asalowe m'kalata yochenjeza. Weta angakutsutseni pokukumbutsani tsiku limodzi lomwe analawira. Tsegulani buku losainamo pofika, mulembe zomwe zilimo: ntchito imayamba 6 koloko m'mawa, koma Lolemba pa 3 anafika 6:40, Lachisanu pa 7 anafika 7:15, alendo a kadzutsa atakhala kale pamatebulo osayala. Tchulaninso tsiku lomwe munamuchenjeza pakamwa.

Musanalembe, mumveni kaye, ndipo ngati akufuna abwere ndi mnzake. Ngati anaweruka 11 koloko usiku minibasi zitasiya kuyenda, cholakwa china chili pa ndandanda yanu, osati pa iye yekha. Mabwana ambiri amathamangira cholembera asanafunse zimenezi.

Kalatayo inene chomwe mukufuna: kufika pa nthawi kwa milungu inayi, kuimba foni zikavuta, tsiku lokumananso, ndi kuti akapitiriza padzabwera chenjezo lomaliza. Ikhalenso ndi malire, mwina miyezi isanu ndi umodzi, kenako isawerengedwenso.

Kusaina kumangosonyeza kuti walandira, osati wavomera mlandu. Akakana, mboni isaine, ndipo mumupatse kope lake.