Mtengo wa chimanga ukatsika mu Juni, watsikadi?

Chaka chilichonse anthu akangoyamba kukolola, mtengo wa chimanga m'misika umagwa. Pofika Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zitauma, umakhala uli m'mwamba. Aliyense wogula chimanga amadziwa zimenezi. Chovuta kudziwa n'chakuti, pansi pa kukwera ndi kutsika kumeneku, mtengo ukulowera kuti kwenikweni?

Bungwe la IFPRI limatulutsa lipoti la mitengo ya chimanga m'misika ya m'Malawi mwezi ndi mwezi. Mitengo yotereyi mukaindanda kwa zaka zingapo, akatswiri amaigawa patatu. Pali komwe mtengo ukulowera pakapita nthawi yaitali. Pali kusintha kwa nyengo, komwe kumabwereza miyezi yomweyomweyo chaka ndi chaka. Kenako pali zotsala, zadzidzidzi zosatsata dongosolo lililonse.

Kuti muone komwe mtengo ukulowera, phatikizani mitengo ya miyezi 12 yotsatizana n'kugawa ndi 12. Mukatero sunthani mwezi umodzi, muwerengenso, mpaka kumapeto. Miyeziyo imakhala 12 dala: mu avereji iliyonse mumalowa nthawi yokolola imodzi ndi nthawi ya njala imodzi, ndiye zimafafanizana. Chotsala ndi mzere wosalala.

Tiyeni tiyese ndi manambala ongoyerekeza. Tinene kuti mu Febuluwale wina kilo inali pa K1,000, pomwe avereji ya miyezi yozungulira mweziwo inali K800. Kugawa 1,000 ndi 800 kukutipatsa 1.25. Mukachita chimodzimodzi ndi Febuluwale wa zaka zina n'kupeza kuti nambalayi sikusintha kwenikweni, ndiye kuti mwezi umenewu chimanga chimadula ndi 25 peresenti kuposa mtengo wapakati. Tinenenso kuti nambala ya Juni yatuluka 0.8, kutanthauza kuti chimatchipa ndi 20 peresenti. Ndi zaka ziwiri zokha musadzivute, chifukwa chaka chimodzi cha chilala chikhoza kupotoza zonse. Zisanu kapena kuposa ndiye zabwino.

Tsopano Juni wafika, kilo ili pa K720. Ogula akusangalala kuti chatsika ndi K280 kuchokera mu Febuluwale. Koma tichotsemo nyengo. Gawani 1,000 ndi 1.25, mupeza 800. Gawani 720 ndi 0.8, mupeza 900. Chimanga chatsika pamsika, inde, koma sichinatsike monga chimatsikira nthawi yokolola. Mtengo weniweni wakwera ndi K100 m'miyezi inayi. Kwa ine phindu lalikulu la masamuwa lili pamenepa, chifukwa banja lomwe likugulitsa matumba ake kwa mavenda mu Juni likufunika kudziwa zimenezi lisanatsegule nkhokwe.

Kulosera kumachokera pa zidutswa zomwezi. Ngati mtengo upitiriza kukwera ndi K25 pamwezi, pakatha miyezi isanu ndi itatu udzafika K1,100. Kuchulukitsa ndi 1.25 ya Febuluwale kukutipatsa K1,375.

Nambala imeneyi si lonjezo. Tanthauzo lake n'lakuti zinthu zikayenda monga zakhala zikuyendera, mtengo udzagwera chapamenepo. N'chifukwa chake wolosera wodziwa ntchito amatchula malire. Ngati m'mbuyomu njira yake yakhala ikuphonya ndi K150 kapena kucheperapo nthawi zambiri, adzanena kuti pakati pa K1,225 ndi K1,525. Malirewo amatanuka mukamaloza kutali: za mwezi wamawa mungayandikire, za zaka ziwiri zikubwerazi n'kungoponya mwala mumdima. Munthu akakupatsani nambala imodzi yokha, mufunseni kuti chaka chatha anaphonya ndi zingati.

Kuyesa njirayi n'kosavuta. Bisani miyezi 12 yomaliza, loserani ngati simunaione, kenako yerekezani ndi zomwe zinachitikadi. Yang'anani kwambiri mbali yomwe mukuphonyera. Kuphonya mwezi uno pamwamba, mwezi winawo pansi, n'kwachibadwa. Koma mtengo weniweni ukamaposa wolosera miyezi isanu motsatizana, dziwani kuti china chake chasintha ndipo manambala akale sakugwiranso.

Zotere zachitika posachedwapa. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anakokolola minda m'chigawo cha kummwera. Mu Novembala chaka chomwecho mphamvu ya kwacha inachepetsedwa ndi 44 peresenti, ndipo mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi chifukwa cha ng'amba. Palibe avereji ya zaka zam'mbuyo yomwe ikanaona zimenezi zisanachitike. Za kwachazi zimabweretsanso msampha wina: mzere ukhoza kukwera osati chifukwa chimanga chasowa, koma chifukwa ndalama yafooka. Kuti musiyanitse, yerekezani ndi kukwera kwa mitengo ya zinthu zonse komwe ofesi ya National Statistical Office ku Zomba imalengeza mwezi uliwonse. Ngati chimanga chikukwera mofulumira kuposa zinthu zina, vuto lili m'chimangamo.