Kalulu, Fisi ndi muzu: kulemba nthano yoti ikhale katuni

Nthano ya Kalulu ndi Fisi yokambidwa pabwalo madzulo imayenda ndi pakamwa pa wokamba. Iye akati "Padangokhala," ana nkuyankha kuti "Tili tonse," zonse zotsatira anawo amaziona m'mutu mwawo. Wokamba akangonena kuti Fisi anali ndi njala yoopsa, nkhani yatha pomwepo, palibe wofunsa kuti njalayo inkaoneka bwanji. Nthano yomweyo ikamalembedwa kuti ikhale filimu ya katuni, mwayi umenewu umachoka. Wojambula sangajambule mawu oti "njala" kapena "nzeru". Amajambula nthiti zoonekera, dovu likuchucha, maso akuyang'ana cham'mbali. Choncho ntchito yaikulu ya wolemba ndi kusandutsa chilichonse chimene wokamba akananena kuti chikhale chinthu chooneka ndi maso kapena chomveka ndi makutu.

Chitsanzo chabwino ndi nthano yodziwika ya muzu. Fisi wagona ndi njala masiku angapo, ndipo akumana ndi Kalulu. Amuthamangitsa mpaka Kalulu alowa mu una, koma Fisi apisa dzanja nkumugwira mwendo. Kalulu aseka, nkumuuza kuti wagwira muzu. Fisi ataya mwendowo nkugwira muzu weniweni, ndipo apo Kalulu ayamba kulira mwachinyengo ngati wagwidwadi. Fisi akoka ndi mphamvu zake zonse pamene mnzakeyo akutulukira khomo lina.

Filimu ya ana aang'ono ya nthano ngati iyi imakwana bwino m'mphindi 5. Kutalika kumeneku kuli ndi mtengo wake. Filimu imaonetsa zithunzi 24 pa sekondi iliyonse, ndipo ojambula pamanja ambiri amaonetsa chithunzi chimodzi kawiri, kotero kuti amajambula 12 pa sekondi. Mphindi 5 ndi masekondi 300, kutanthauza zithunzi pafupifupi 3,600 ngati zinthu zikuyenda mosalekeza. Wolemba akangoonjezera mzere umodzi woti nyama zonse za m'tchire zinasonkhana kudzaonerera, wapatsa ojambula ntchito ya milungu yambiri. N'chifukwa chake nthano ya muzu ili yabwino kuyambira: ili ndi nyama ziwiri zokha ndi malo atatu, ndiwo tchire, pakhomo pa una, ndi m'kati mwa una.

Nthawiyo ingagawidwe motere. Masekondi 45 oyamba ndi a Fisi yekha: akununkhiza chigoba cha kamba chopanda kanthu, akutafuna fupa louma, m'mimba mukulira. Pano sipafunika mawu ayi. Mphindi yotsatira ndi ya kukumana kwawo, pamene Kalulu ayesa kaye ulemu, nati: "Mwaswera bwanji, achimwene a Fisi?" Fisi nkuyankha kuti: "Iwe Kalulu, tabwera kuno ndikunong'oneze." Liwiro litenga masekondi 40. Gawo la mu una, lomwe ndi mtima wa nthano yonse, lipatsidwe mphindi 2 zathunthu, ndipo masekondi otsalawo ndi a mathero.

M'gawo la mu una ndi momwe katuni imaposa wokamba wa pabwalo. Wolemba amalamula kuti chithunzi chionetse nthaka ngati yadulidwa pakati: pamwamba Fisi wagona chafufumimba, dzanja lili m'dzenje, maso ali kunja, pansi Kalulu wagwidwa mwendo, ndipo pambali pake pakulendewera muzu wonenepa mofanana ndi mwendowo. Mwana akuona zonse ziwiri, pamene Fisi sakuona kanthu. Chisangalalo cha mwana chimachokera pomwepa, podziwa chinthu chimene chilombo chachikulu sichikudziwa. Kuti zitheke, muzu uja uyenera kuoneka chinyengo chisanayambe. Polowa mu una, Kalulu adzigunde mutu pa muzuwo. Atagwidwa, ayang'ane mwendo wake, ayang'ane muzu, abwerezenso kuyang'ana mwendo, kenaka makutu ake amene anagwa ndi mantha adzuke pang'onopang'ono. Masekondi 3 kapena 4 amenewa ndiwo "nzeru" ya Kalulu yojambulidwa. Akachotsedwa pofuna kufupikitsa filimu, Kalulu amangooneka wamwayi basi.

Pokhapokha izi zitachitika ndi pamene mawu amabwera. Kalulu aseka nati: "Pepani achimwene, mwagwira muzu." Dzanja la Fisi limasuka, lipapasa mumdima, nkugwira muzu. Kalulu, atakhala pansi mwendo uli pa unzake, afuula: "Mayo ine! Mwendo wanga!" Nkhope yake ndi mawu ake zikutsutsana, ndipo ana amaseka chifukwa cha kutsutsanako. Wolemba alembe zonsezi momveka, popeza wojambula amene wangopatsidwa mawu okhaokha adzajambula Kalulu akuliradi.

Maonekedwe a nyama ziwirizi amathandiza wolemba akawadziwa. Fisi ali ndi miyendo yakutsogolo yaitali kuposa yakumbuyo, msana wotsetsereka ndi khosi lolemera, choncho amaoneka wamphamvu koma wovutika kukhota msanga. Kalulu amakhota mwadzidzidzi, ndipo pa liwiro lija ndi zokwanira kuti akhote kawiri, Fisi nkupitirira mpaka kukagwera m'minga. Kalulu wa kutchire sakumba una wakewake, amabisala m'maudzu, motero nkoyenera kuti unawo ukhale wosiyidwa ndi nungu. Minga ingapo ya nungu pakhomo ikwanira kunena zimenezi. Pakufunikanso kusankha kuyambira pachiyambi ngati nyamazi ziziyenda ndi miyendo inayi kapena iwiri. Miyendo inayi ndi yovuta kujambula, ndipo nthano iyi imafuna kuti Fisi akhale ndi dzanja logwirira, choncho miyendo iwiri imaiyenera.

Zolembazo zikatha, zimajambulidwa mwachidule m'timabokosi, kabokosi kalikonse kuimira chochitika chimodzi. Kenaka mawu a ochita sewero amajambulidwa, ndipo timabokosi tija timaonetsedwa motsatizana pamodzi ndi mawuwo. Dongosolo ndi lotero chifukwa wojambula amayendetsa milomo potsata mawu amene alipo kale. Chichewa chili ndi mavawelo 5, ndipo maonekedwe a pakamwa a mavawelo amenewa, kuonjezerapo milomo yotseka ya m, b ndi p, amakwanira pa mawu ambiri. Olemba mafilimu amawerengera kuti tsamba limodzi ndi mphindi imodzi, koma mawu a Chichewa ndi aatali, ndiye njira yodalirika ndi kuwawerenga mokweza wotchi ili m'manja.

Zolakwika zimaonekera pa nthawi imeneyi, ndalama zambiri zisanaonongeke. Njira yoyesera ndi kuonetsa timabokosi tija kwa ana a zaka 5 kapena 6 mawu atazimitsidwa. Akaseka kapena kuloza muzu Fisi asanaugwire, nthano yalembedwa bwino. Akafunsa chifukwa chimene Fisi watayira mwendo, ndiye kuti muzu sunaoneke mokwanira. Vuto lina ndi la Fisi mwini. Akakhala woopsa kwambiri, wa mano oonekera nthawi zonse, ana aang'ono amabisa nkhope osaona chinyengo. Akakhala chitsiru chenicheni kuyambira pachiyambi, palibe amene amaopera Kalulu. Fisi woyenera ndi amene anamugwiradi mwendo, amene akanadya tsiku limenelo njala ikanapanda kumupupulumitsa.

Nthano zina za Kalulu zimathera pa imfa kapena kuvulala koopsa, koma filimu ya ana aang'ono simafuna zimenezo. Muzu ududuka, Fisi agwa chagada fumbi lili kobo, ndipo podzuka apeza kuti m'manja mwake muli muzu. Chapatali, makutu awiri aatali akulowa m'maudzu. M'mimba mwa Fisi mulira monga munalirira pa masekondi oyamba aja, ndipo filimu ithera pomwepo.