Ndalama Zachedwa, Mvula Yayandikira: Kalata Yopita kwa Dona

Tiyerekeze bungwe laling'ono ku Mchinji lomwe linagwirizana ndi dona wa ku Ulaya kugulira mabanja 120 mbewu ya mtedza. Mgwirizano ukuti chigawo chachiwiri cha ndalama, K18 miliyoni, chifike pa 15 Okotobala. Lero ndi pa 4 Novembala ndipo ku akaunti kuli zii. Mkulu wa bungwelo, mtima uli m'mwamba, walemba imelo iyi:

"Takhala tikudikira ndalama zomwe munalonjeza koma mpaka lero simunatumize. Alimi akuvutika chifukwa cha kuchedwa kwanu. Chonde tumizani mwamsanga."

Zonse walembazo zingakhale zoona, koma kalatayi sithandiza. Mawu akuti "simunatumize" ndi "kuchedwa kwanu" agamuliratu mlandu womwe mkuluyo sakuudziwa bwino. Amene amawerenga imeloyi nthawi zambiri ndi ofisala woyang'anira pulojekiti, osati wotulutsa ndalama. Mwina lipoti la chigawo choyamba likadali kwa akauntanti, poti madona ambiri satulutsa chigawo china asanavomereze lipoti lakale. Mwina pakusowa lisiti limodzi, kapena ndalamazo zinachoka kale koma zaima ku banki ya pakati. Munthu akalozedwa chala amayamba wadziteteza, ndipo yankho lake limadzakhala lofotokoza malamulo a ofesi m'malo mwa tsiku lotumiza ndalama.

Vuto lalikulu, kwa ine, lili pa mawu akuti "mwamsanga". Ofisalayo amalandira makalata ambiri onena zomwezo. Sanalimepo mtedza, ndipo sadziwa kuti ukabzalidwa mochedwa zokolola zimatsika, matenda a kadukutu nkuugwira mosavuta. Changu chimamveka mukatchula tsiku ndi chifukwa chake.

Tsikulo limapezeka powerengera chobwerera. Mbewu ikhale m'manja mwa alimi pofika pa 25 Novembala, kuti mvula yobzalira iwapeze okonzeka. Wogulitsa mbewu wati akufuna masiku 7 akalandira malipiro, ndiye alipidwe pa 18. Ndalama zochokera kunja tizipatse masiku asanu ogwira ntchito kuti zidutse m'mabanki. Choncho ziyenera kuchoka kwa dona pa 11 Novembala. Imelo yolembedwanso ikhala chonchi, mutu wake uli wakuti "Chigawo chachiwiri: chikufunika kutumizidwa pofika pa 11 Novembala":

"Okondedwa Mayi, tikukhulupirira muli bwino. Chigawo chachiwiri cha K18 miliyoni, chomwe mgwirizano ukuti chifike pa 15 Okotobala, sichinaoneke ku akaunti yathu. Tafunsa ku banki m'mawa uno. Kuti mabanja 120 alandire mbewu pofika pa 25 Novembala, ndalamazi zikufunika kutumizidwa pofika pa 11. Tsikuli likadutsa, alimi adzabzala mochedwa, ndipo nyengo yobzala siingasunthidwe. Lipoti lathu tinatumiza pa 30 Seputembala; kodi pali china chikusowa kumbali yathu? Ngati ndalama zinatumizidwa kale, tithandizeni ndi chikalata cha MT103 kuti banki yathu izilondole. Tingathokoze mutatiuza pofika Lachisanu tsiku lomwe tingaziyembekezere."

Taonani kuti kuchedwako sikunabisidwe: masiku onse alembedwa poyera. Chasintha ndi chakuti ziganizo zikukamba za ndalama ndi mbewu, osati za munthu. "Sichinaoneke ku akaunti" ndi chomwe bungwe likudziwa ndithu. "Simunatumize" ndi chongoganizira. Funso lakuti pali chikusowa kumbali yathu si kudzichepetsa kwachabe, likupatsa ofisala mpata wonena vuto lenileni popanda manyazi. Komanso imelo yotere angathe kuipereka kwa akauntanti momwe ilili, osachotsamo mawu opweteka.

Ambirife timalakwitsa mbali inayo. Poopa kukhumudwitsa wopereka, timadzaza ndime ziwiri ndi malonje ndi mayamiko, pempho nkulibisa kumapeto ndi mawu akuti "mukapeza mpata". Wowerenga amaganiza kuti zonse zili bwino. Moni wa mzere umodzi ndi wokwanira.

Ngati Lachisanu lafika popanda yankho, imbani foni, kenako lembani mwachidule zomwe mwagwirizana. Abwana a ofisalayo muwalowetse pokhapokha izi zikalephereka. Ndipo ngakhale zinthu zitathina bwanji, musatape ndalama za pulojekiti ina kuti mugule mbewu. Ngati bungwe lili ndi zake zapadera zoti nkuyambira, pemphani dona avomereze molemba kuti adzabweza, musanatulutse ngakhale kwacha imodzi.