Aliyense ali ndi foni, nanga phindu limatsalira ndani?

Ntchito yanga ndi yolangiza anthu amene akufuna kuika ndalama zawo m'mabizinesi, ndipo bizinesi ya netiweki za mafoni ndi imodzi mwa zimene zimawakopa msanga. Amandiuza kuti taonani, wa kabaza ali ndi foni, mayi wogulitsa tomato ali ndi foni, agogo kumudzi akulandirira ndalama pa foni, ndiye kampani yogulitsa mayunitsi ingalephere bwanji? Ine ndimayankha kuti kuchuluka kwa makasitomala kumangotiuza kuti ndalama zikulowa. Sikutiuza kuti pakutha pa chaka zimatsalira m'thumba la ndani.

Funso lachiwirili ndi limene Michael Porter, mphunzitsi wa ku Harvard, adalipangira njira yoliyankhira mu 1979. Iye adati phindu la bizinesi iliyonse limakanganiridwa ndi mbali zisanu: makampani amene akupikisana kale pamsikapo, ena amene angalowe mawa, ogula, anthu amene amagulitsa zipangizo ndi zofunika zina kwa makampaniwo, ndiponso zinthu zina zimene zingagwire ntchito yomweyo m'malo mwa malonda a makampaniwo. Mbali zimenezi zikakhala zofooka, phindu limakhalitsa ndipo msikawo timati ndi wokopa. Imodzi yokha ikakula mphamvu, ikhoza kudya zonse. N'chifukwa chake sindigwirizana ndi anzanga amene amapatsa mbali iliyonse malikisi, n'kuwonkhetsa, n'kugawa ndi zisanu ngati mayeso a kusukulu. Ntchito yeniyeni ndi kupeza mbali imene ikuluma kwambiri.

Tiyambe ndi opikisana. Kuno kwathu msika wa mafoni a m'manja uli m'manja mwa makampani awiri. TNM idayamba mu 1995. Inzake idabwera mu 1999 ndi dzina la Celtel, idasanduka Zain mu 2008, kenako Airtel mu 2010. Makampani awiri okha amaonana bwino: wina akatsitsa mtengo lero, mnzake atsitsa mawa, onse n'kutsala ndi makasitomala omwewo koma ndalama zochepa. Pachifukwachi sapikisana kwenikweni pa mtengo wa mphindi imodzi. Amapikisana pa mabandulo, pa mabonasi ndi pa mipikisano yowinitsa mphoto. Koma musaganize kuti mtendere wotere ndi wachikhalire. Bizinesi imeneyi ndalama zake zambiri zimapita pomanga netiweki, ndipo ikamangidwa, kunyamula mphindi imodzi yowonjezera sikudya kanthu kwenikweni. Ndiye kampani imene yatsalira m'mbuyo imayesedwa kugwetsa mitengo kuti idzaze netiweki yake. Zidachitika ku Kenya mu 2010, pamene Zain idatsitsa mtengo woimbira foni kufika pa mashilingi atatu pa mphindi. Anthu adasangalala, koma patapita zaka zinayi kampani yaing'ono ya yuMobile idagulitsa katundu wake n'kuchoka pamsika.

Nanga bwanji wachitatu sabwera kudzagawana nawo? Ambiri amati vuto ndi laisensi. Ayi. MACRA idaperekapo malaisensi kwa G-Mobile ndi Celcom, koma ndani mwa ife adaimbapo foni pa netiweki zimenezi? Chotchinga chachikulu ndi chakuti netiweki siyamba pang'onopang'ono ngati golosale. Munthu wa ku Lilongwe sagula simukhadi imene imasiya kugwira akangodutsa Dedza. Wobwera kumene ayenera kumanga kapena kubwereka nsanja mazanamazana asanapeze kasitomala woyamba, ndipo nsanja iliyonse imafuna lendi, dizilo ndi mlonda, kaya ikutumikira anthu mazana awiri kaya zikwi zitatu. Kampani yakale imagawa mtengo wa nsanjayo kwa anthu ambiri, yatsopano kwa anthu ochepa, koma onse ayenera kugulitsa bandulo pa mtengo wofanana. Onjezeranipo maejenti. Airtel Money ndi Mpamba zili ndi anthu osinthitsa ndalama pafupifupi pamsika uliwonse, ndipo gulu lotere silimangika chaka chimodzi.

Za ogula sindichedwapo. Munthu mmodzi wogula bandulo ya tsiku sangakambirane mtengo ndi kampani. Mphamvu yake ili pa foni yolowa masimukhadi awiri: nambala ya 088 mbali iyi, ya 099 mbali inayo, ndipo madzulo aliwonse amasankha kumene kwatchipa. Chimene chimamumanga ndi nambala imene abale amatumizirapo ndalama. Malire enieni ndi umphawi. Simungakweze mtengo momwe mukufunira kwa munthu amene akusankha pakati pa mayunitsi ndi ndiwo, ndipo mukayesa, MACRA ndi aphungu amamva madandaulo. Mfundo imeneyi muisunge, tiifuna posachedwa.

Zolowa m'malo zili ndi nkhani yosangalatsa. WhatsApp idapha malonda a mauthenga olemba ndipo ikudya mphindi zoimbira, koma kuti muigwiritse ntchito mumagula bandulo ku kampani yomweyo. Ndalama zimangosamuka thumba, ngakhale kuti thumba latsopanolo limafuna netiweki yodula kuposa lakale. Starlink, imene idayamba kugwira ntchito m'Malawi mu 2023, ndi ina: siidutsa pa nsanja za makampaniwa konse. Mlimi wa ku Ntchisi sangaikwanitse, koma maofesi, malo ogona alendo ndi mabanja opeza bwino angathe, ndipo amenewa ndi ochepa koma olipira kwambiri.

Tsopano tafika pamene pali nkhani. Ndikaunika msika wathu, mbali imene imaluma kwambiri ndi ya ogulitsa zofunika, ndipo ndi imene anthu amaidumpha chifukwa siioneka pa zikwangwani za mumsewu. Zipangizo za netiweki padziko lonse zimapangidwa ndi makampani owerengeka, monga Huawei, Ericsson, Nokia ndi ZTE, ndipo mukamanga ndi mmodzi, kusamukira kwa wina n'kodula. Dziko lathu lilibe nyanja yamchere, choncho intaneti imatipeza kudzera m'zingwe zodutsa m'maiko oyandikana nafe, ndipo eni zingwezo amafuna zawo. Magetsi akazima, monga zidalili namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu 2022, nsanja zimayendera majenereta a dizilo wochokera kunja. Nsanja zenizenizo nazo zidapeza mwini wina: mu 2022 Helios Towers idagula nsanja za Airtel zoposa 700, ndipo Airtel tsopano imalipira lendi pa nsanja zimene kale zidali zake.

Chimene chimalumikiza onsewa ndi dola. Kampani imatolera makwacha, koma zambiri mwa zimene imagula mtengo wake umatsatira dola. Tiyeni tiwerengere limodzi, ndi manambala ongoyerekeza kuti tione mmene zimayendera. Tinene kuti pa K100 iliyonse imene kampani yalandira, K50 imapita ku zolipira za makwacha monga malipiro a antchito, makomishoni a maejenti ndi misonkho, K30 imapita ku zinthu zotsatira dola, ndipo K20 ndi phindu. Mu Novembala 2023 kwacha idagwetsedwa, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kapena kuyandikira pamenepo kufika pa K1,700. Zinthu za K30 zija tsiku lomwelo zikusanduka za K43. Kasitomala sadachoke ndi mmodzi yemwe, mphindi zoimbidwa ndi zomwezo, koma phindu latsika kuchoka pa K20 kufika pa K7. Kuti libwerere pomwe lidali, mitengo iyenera kukwera ndi K13 pa K100 iliyonse popanda wogula aliyense kuchepetsa zimene amagula, ndipo taona kale kuti wogula wathu alibe poti n'kufinyidwa.

Sizithera pamenepo. Ngati kampaniyo ili ndi ngongole kapena mapangano a lendi a zaka zambiri olembedwa m'madola, owerengera ndalama amayenera kuwalembanso onse pa mtengo watsopano wa dola, ndipo kusiyana kwake kumalowa m'mabuku a chaka chomwecho ngati kuluza. Umu ndi mmene Airtel Malawi, kampani yaikulu pamsika ndiponso yozolowera kupanga phindu, idatsekera chaka cha 2023 italuza pamene malonda ake adali akukula. Wopikisana naye sadaichite kanthu. Amene adadya phindulo ndi mbali ya ogulitsa, kudzera pa dola.

Ubwino wake, zonsezi mukhoza kudzionera nokha. TNM idalowa pa msika wa masheya wa Malawi mu 2008, Airtel mu 2020, choncho onse awiri amasindikiza malipoti awo a pachaka. Musathamangire pa chiwerengero cha makasitomala, chifukwa munthu wa masimukhadi awiri amawerengedwa kawiri. Yang'anani ndalama imene kasitomala mmodzi amabweretsa pa mwezi, muone ngati ikukwera mofanana ndi kukwera mitengo kwa zinthu; ikatsalira, ndiye kuti ogula kapena opikisana akupambana. Kenako tsegulani masamba a kumapeto, kumene kuli ngongole za ndalama zakunja. Masamba amenewo ndi osakoma kuwerenga, koma ndi amene amanena zoona.

Ndiye msika wathu ndi wokopa kapena ayi? Yankho limatengera kumene mwaima. Kwa awiri amene ali m'katimo, khomo ndi lovuta kulowa, mpikisano ndi wofatsa, ndipo chaka chimene kwacha yakhazikika amapeza bwino. Kwa amene ali panja, zotchinga zomwezo zimene zikuteteza awiriwo ndi zimene zingamumize. Apa mpamene ambiri amalakwitsa pogwiritsa ntchito njira ya Porter: amaona phindu la amene alipo n'kuganiza kuti nawonso akalowa alipeza. Ku South Africa, Cell C idalowa mu 2001 ngati kampani yachitatu, idavutika ndi ngongole zaka zambiri, ndipo pamapeto pake idasiya kuyendetsa nsanja zake n'kuyamba kudalira netiweki za MTN ndi Vodacom.

Sindikunena kuti wachitatu sangathe. Ku Mozambique, Movitel idalowa mu 2012 pamsika umene udali kale ndi mCel ndi Vodacom, ndipo idakhazikika. Koma taonani mmene idalowera. Kumbuyo kwake kudali Viettel ya ku Vietnam, kampani ya thumba lakuya yozolowera kumanga netiweki motchipa. Idayala zingwe zakezake ndi kumanga nsanja m'maboma akumidzi kumene anzakewo adali asadafike kwenikweni, choncho makasitomala ake ambiri oyamba sidachite kuwalanda kwa wina. Amene akufuna kuchita zomwezo kuno ayambe wandionetsa pa mapu madera amene TNM ndi Airtel sanafikeko, andiuze kuti kumeneko kuli anthu angati ogula mayunitsi, ndiponso kuti madola omangira nsanjazo awatenga kuti.